Mita Yoyenda Yokha

Amuna anga atamwalira anandisiyira zinthu ziwiri zooneka: golosale ya m'mphepete mwa msewu wopita ku Nsanje, kufupi ndi kwa Tengani, ndi firiji yaikulu yotsegula chapamwamba. Ndalama yeniyeni inali m'firijimo. Kwathu kuno dzuwa likakwera munthu sasamala za sopo kapena machesi, amangofuna chozizira. Ndinkagulitsa thobwa wa mapira, timapaketi ta madzi a malambe toumitsa, zakumwa za m'mabotolo, ndipo pakona ina ndinkasungira asodzi nsomba zawo za makakana akasowa msika tsiku limenelo. Ana anga anaphunzira ndi firiji imeneyo.

Masiku amenewo tinali tisanalandire mamita ogula mayunitsi. Yanga inali yachikale, yokhala ndi kambale kachitsulo kozungulira kuseri kwa galasi, ndipo mwezi ukatha kunkabwera bilu. Mita inali kukhoma la kuseri, kumene kunali khola la mbuzi. Bambo amene ankalemba manambala a mamita m'dera lathu sankafikako kuseriko. Ankaimika njinga yake yamoto pakhonde, n'kukhala pabenchi, n'kuvula chipewa, n'kuyamba kudandaula za kutentha mpaka nditatsegula botolo. Akamwa ankatulutsa buku lake, n'kuyang'ana kumwamba ngati manambala alembedwa pamalata, n'kulemba.

"Simukayang'ana?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Amayi, ntchito ino ndayamba kale. Nyumba ndikangoiona ndimadziwa kuti imadya bwanji."

Bilu inkabwera yofanana mwezi ndi mwezi, ine n'kumalipira. Ndinkaona ngati ndi mmene zimayendera.

Kenaka bamboyo anamusamutsa. M'malo mwake munabwera wina amene sankakhala pabenchi. Iyeyu analunjika kuseri, anapukuta fumbi pagalasi, analemba, n'kumapita. Bilu yotsatira itafika ndinaiwerenga nditaimirira, ndinakhala pansi n'kuiwerenganso. Ndalama inali pamenepo ikanagula ng'ombe yaikazi pamsika wa ku Bangula, n'kutsalako yoyendera.

Ndinatenga pepalalo kupita nalo kuseri. Nambala ya mita inali yangadi. Manambala amene analembedwa kuti ndi a mwezi uno ankafanana ndi amene anali pagalasi, kungopitirira pang'ono chifukwa cha masiku amene anadutsa. Koma a mwezi wapitawo, aja olembera pabenchi, anali kutali kwambiri m'mbuyo. Ndinamvetsa kuti munthu uja ankangopeka, ndipo tsopano zonse zimene sanawerenge zandigwera pakamodzi. Komabe mutu wanga unakana. Ngakhale mutagawa mayunitsi amenewo pa miyezi yonse imene ankapeka, ndalama yake inali yambiri kuposa imene ndinkalipira amuna anga ali moyo, pamene mita inkawerengedwa bwino. Firiji inali yomweyo, mababu omwewo, wailesi yomweyo. Kuphika ndinkaphika pambaula. Ndiponso magetsi ankazima tsiku lathunthu kangapo pa sabata. Ndinkalipira chiyani?

Ndinalowa m'nyumba, ndinazula firiji pakhoma, ndinazimitsa swichi yaikulu imene imadula magetsi a nyumba yonse, n'kubwerera kuseri. Kambale kaja kankayenera kuima. Sikanaime. Kankayenda pang'onopang'ono ngati nkhono, kachizindikiro kake kakuda kakubwera, kudutsa, kubisala, n'kutulukiranso. Ndinaima pamenepo mbuzi zikundinunkhiza chitenje, ndikuonerera chitsulo chikundilembera ngongole m'nyumba mopanda ngakhale babu limodzi loyaka.

Nkhani inafika kwa alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga, dzuwa lisanapendeke. Alamuwa anali mkulu wa mpingo, munthu wovala jekete ngakhale mwezi wa Okutobala, wodziwa chilichonse kupatula njira yopita kumene analemba ngongole. Anafika, anakhala pabenchi lomwe lija, anapempha thobwa, n'kuwerenga bilu ataitalikitsa ndi nkhope.

"Mlamu, izi n'zazing'ono," anatero. "Inu azimayi mumathamangira kulira. Pali mnyamata wina ku Bangula, ndi katswiri. Amalowetsa kawaya kuseri kwa mita, basi, imayenda mwaulemu. Ndipo odula magetsi akabwera mumangowapatsa ya sopo. Anthu onse amatero."

"Alamu, mita ili ndi kachidindo kawo kaja amamangira ndi waya. Ndikakadula, ndiye kuti wakuba ndine. Pano wakuba ndi mita."

"Ndiye mukufuna kulimbana ndi kampani? Inu?"

Anaseka, anamaliza thobwa, anapukuta pakamwa ndi mpango, n'kunena kuti andipempherera. Sanalipire. Ndinayang'ana msana wa jekete lawo likupita, lonyowa ndi thukuta pakati, ndipo ndinadzifunsa kuti Lamulungu amalalikira chiyani anthu amenewa.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku ofesi ya magetsi. Inali nyumba yozizira bwino, makina oziziritsa akulira pakhoma, ndipo ndinaganiza kuti apa ndiye sadandaula bilu. Anthu tinali pamzere, aliyense pepala lake m'manja. Kuseri kwa galasi kunali mtsikana wa zikhadabo zazitali zopaka utoto, wocheperapo kwa mwana wanga woyamba. Ankadya mbatata yokazinga ya m'kapepala uku akuseka ndi foni. Nditafika anatambasula dzanja osandiyang'ana.

"Mukulipira zonse?"

"Ayi achemwali, ndabwera kudzadandaula. Biluyi si yoona."

"Aliyense amatero. Lipirani kaye, mudandaula pambuyo."

"Mita yanga ikuyenda ngakhale nditazimitsa zonse."

Apa ndiye anakweza maso. Anayang'ana chitenje changa, nsapato zanga zafumbi, n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono, mokweza, mmene anthu ena amalankhulira akamva kuti lilime la munthu likukokera ku Chisena.

"Amayi. Muli ndi firiji? Eya. Firiji imadya magetsi. Mwamva? Imadya."

"Ndamva. Kodi imadyanso itazulidwa pakhoma?"

Bambo wina kumbuyo kwanga anaseka. Mtsikanayo ananyambita chala, n'kunena kuti ngati ndikufuna kuti mita iyezedwe ndilembe kalata kwa bwana wa ofesiyo, ndilipirenso ndalama yoyezera. Mita ikapezeka yolakwa adzandibwezera, ikapezeka yabwino ndalamayo yapita. Ananena zimenezi ngati akundiopseza. Ankaganiza kuti mawu akuti kalata andibweza kwathu.

Kalatayo ndinailembera pakauntala ya golosale, pakati pa makasitomala, papepala long'amba m'kope la mwana wanga. Ndinailemba m'Chichewa. Chingerezi ndimachidziwa chokwanira kuwerenga bilu, koma sindinkafuna kuti wina adzanene kuti sanamve chimene ndikutanthauza. Pamwamba ndinaika dzina la malemu amuna anga, poti akaunti inali idakali m'dzina lawo, kenaka langa, nambala ya akaunti, nambala ya mita, ndi malo amene golosale ili. Sindinalire m'kalatamo, sindinatchule za umasiye. Ndinalemba chonchi:

"Ndikukana bilu ya mwezi uno. Kwa nthawi yaitali wantchito wanu sankawerenga mita yanga koma ankalemba manambala ongoganizira. Ndaphatikiza mabilu akale kuti muyerekeze. M'nyumba mwanga muli firiji imodzi, mababu ndi wailesi, ndipo sindinaonjezere kanthu. Ndazimitsa swichi yaikulu ndipo mita ikuyendabe. Ndikupempha kuti mutumize anthu adzaiyeze ine ndilipo, mundipatse zotsatira zake polemba, ndipo mukonze bilu. Chidindo chanu pamita sindinachikhudze. Podikira, ndilipira ndalama imene ndakhala ndikulipira mwezi uliwonse, ndipo ndikupempha kuti musadule magetsi nkhaniyi isanathe."

Ndinakapangitsa fotokope kalatayo ndi mabilu onse, n'kubwerera ku ofesi. Mtsikana uja anaigwira ndi nsonga za zikhadabo ngati yagwera m'chimbudzi.

"Bwana amawerenga za Chingerezi."

"Bwanayo kwawo n'kuti?"

Anaiponya m'kabokosi ka pambali pake n'kuitana wotsatira. Ine sindinasunthe. Ndinamupatsa fotokope yanga kuti adindepo chidindo cha tsikulo, asayinenso, kusonyeza kuti alandira.

"Sitichita zimenezo."

"Chidindo chili apocho. Ndikuchiona."

"Amayi, mukuchedwetsa anzanu."

"Ndidikira. Ndabwera ndi madzi akumwa."

Anthu a pamzere anayamba kung'ung'udza, osati ndi ine ayi. Mtsikanayo anamenya chidindocho mwamphamvu ngati akupha chinkhanira. Ndinalipira ndalama yoyezera ndi ya mwezi wamba, ndinapinda malisiti onse awiri pamodzi ndi kalatayo, n'kuwamanga pakona ya chitenje.

Masabata anadutsa. Ndikaimba foni ankati oyeza mamita amachokera ku Blantyre ndipo galimoto ilibe mafuta. Ndikaimbanso ankati msewu waonongeka. Tsiku lina anati amene amadziwa za nkhaniyo wapita kumaliro. Bilu ina inabwera, ngongole ija itakwera pamwamba pake, ndi mawu ofiira ochenjeza. Ndinalipiranso ya mwezi wamba.

Galimoto yokhala ndi mafuta inapezeka ndithu. Inafika Lachisanu masana, makwerero ali pamwamba, anthu atatu atavala maovolosi. Ndinathamangira panja ndikuganiza kuti oyeza afika. Mkulu wawo, bambo wamimba yotsogola, anali ndi mndandanda wa maina.

"Tabwera kudzadula."

Ndinamuonetsa kalata yodindidwa ija ndi malisiti. Anaiyang'ana mozondoka kaye, kenaka anaitembenuza.

"Izi n'za ku ofesi. Ife timatsata pepala ili." Anayang'ana firiji kudzera pakhomo. "Komatu kwatentha, amayi. Anthu akamamvana zinthu sizivuta."

Ndinadziwa chimene ankafuna. Alamu anga anali atandiphunzitsa kale mtengo wake. Ndinayang'ana mimba ija, ndinayang'ana anzake awiri amene ankadikira ngati agalu pakhomo la butchala, ndipo ndinamva mawu okanira a amayi anga akutuluka m'kamwa mwanga m'Chisena.

"Nkhabe. Dulani."

Mmodzi anakwera papholo. Firiji inasiya kulira. Anandisiyira kapepala, n'kunyamuka, fumbi lili kobo.

Amene sanakhaleko kuchigwa kuno sangamvetse chimene masiku atatu opanda firiji amachita mwezi wa Novembala. Timapaketi ta malambe tinasanduka madzi ofunda Loweruka lisanafike masana. Thobwa anawira n'kutumphula zitsekero. Nsomba za asodzi awiri ndinazing'amba ndekha n'kuziwamba pamoto kuti zisatayike zonse, komabe zina ndinakwirira kuseri, ndipo ndinawalipira eni ake. Makasitomala ankafika pakhonde, n'kugwira botolo, n'kulibweza, n'kuwoloka msewu. Alamu anga anadutsa Lamulungu pochokera kutchalitchi, Baibulo kukhwapa.

"Mwaona mlamu? Ya sopo yokha ikanatha zonsezi. Kunyada kumeneko."

"Thobwa alipo alamu, wowawasa. Lero ndi waulere."

Sanakhale.

Lolemba ndinafika ku ofesi asanatsegule. Sindinapite pagalasi. Ndinakhala pampando wa pakhomo la bwana, ndipo mlonda atandiuza kuti bwana ali pamsonkhano ndinati palibe vuto. Ndinakhala pamenepo mpaka msonkhanowo unatuluka ukutsuka mano ndi kachitsotso. Anali bambo wa tayi, waulemu wa pakamwa, wa mtundu uja umati "mayi wanga" kwa munthu amene sakumuona n'komwe.

"Mayi wanga, tilibe kalata yanu. Mukanalemba, bwenzi titathandizana kale."

Ndinamasula chitenje, ndinayala fotokope patebulo pake, ndinaloza chidindo ndi chala. Kenaka lisiti la ndalama yoyezera. Kenaka malisiti a miyezi imene ndinalipira. Kenaka kapepala ka odula. Anawerenga kalata yonse, m'Chichewa momwemo, osavutika ngakhale pang'ono. Anaitana mtsikana wa zikhadabo uja. Anafufuza m'kabokosi, m'madirowa, pamwamba pa kabati, mpaka kalata yanga yeniyeni ija inapezeka pansi pa mulu wa mapepala ena, ili ndi chizindikiro chozungulira cha kapu ya tiyi.

Ndinadikira kuti wina anene pepani. Bwanayo anati pachitika kusamvana pang'ono. Mtsikanayo ankayang'ana khoma.

"Bwana," ndinatero, "galimoto yodula ili ndi mafuta. Ya oyeza imayendera chiyani?"

Anaseka ngati ndanena nthabwala. Ndinamuuza kuti ndamva kuti kuli bungwe la boma loyang'anira makampani a magetsi limene limalandira madandaulo, ndipo fotokope ina ndaisungira kumeneko. Kusekako kunatha. Analemba kanthu pakona ya kalata yanga, anaimba foni, ndipo magetsi anabwerera tsiku lomwelo, popanda ndalama yolumikizira. Amene anakwera papholo anali yemwe uja anadula. Sanandipatse moni, nanenso sindinamupatse madzi.

Oyeza anabwera sabata yotsatira, amuna awiri ndi bokosi la zida. Poyamba anayang'ana chidindo cha pamita mbali zonse, kufuna kuona ngati ndinachisokoneza. Ndinaona kuti akhumudwa pang'ono kuchipeza chili bwino. Anayendera nyumba yonse kufufuza ngati pali waya wopita kwa aneba kapena wina wotaya magetsi m'khoma. Wamkuluyo anatsegula firiji, n'kugwedeza mutu ngati dokotala.

"Zakalezi zimadya, amayi."

"Zimitsani swichi yaikulu, achimwene, tipite kuseri."

Anazimitsa yekha. Tinaima atatu pakhoma lija. Kambale kanabwera, kanadutsa, kanabisala, kanatulukiranso. Wamng'onoyo anaimba kamluzu. Wamkuluyo anati zimachitika, ngati akunena za mvula.

Anamangirira mita ina yatsopano pafupi ndi yangayo, kuti magetsi omwewo azidutsa m'mamita onse awiri. Analemba manambala a poyambira a iliyonse, ine ndinakoperanso anga, tonse tinasayina. Anati aisiya kwa masabata angapo, ndigwiritse ntchito magetsi monga mwa masiku onse. M'mawa uliwonse ndikamakatsegulira mbuzi ndinkayang'ana mamita awiriwo. Yatsopanoyo inkayenda ngati munthu wopita kumunda. Yangayo inkathamanga ngati yaba nkhuku. Pofika tsiku limene anabweranso, kusiyana kwake sikunkafuna sukulu.

Yangayo anaichotsa, anaikulunga m'pepala, anati ikayezedwanso ku Blantyre. M'malo mwake anaika ya mayunitsi, yokhala ndi mabatani. Ndinapempha pepala losonyeza manambala a mamita onse awiri. Wamkuluyo anati lidzabwera. Ndinati ndidikira pomwepo, ndipo ndinaima pakhomo la galimoto. Analemba.

Yankho la ofesi linatenga miyezi. Linabwera m'Chingerezi chonenepa, ndipo linayamba ndi kunena kuti pa kafukufuku amene iwo amachita nthawi ndi nthawi pofuna kutumikira bwino makasitomala, apeza kuti mita yanga inali ndi vuto. Za kalata yanga munalibe. Za bambo wa pabenchi munalibe. Za masiku amene anandidulira munalibe. Anawerengeranso bilu potengera mmene mita yoyezera ija inayendera, ngongole ya ng'ombe ija inatsika n'kukhala ya mbuzi yaing'ono, chifukwa wopeka uja miyezi ina ankalemba zochepa kuposa zimene ndinkagwiritsadi. Imeneyo sindinakane, magetsiwo ndinayatsadi. Ndalama yoyezera sanandipatse m'manja, anaichotsera pangongolepo. Nditafunsa za nsomba ndi thobwa, anati zimenezo ndilembe kalata ina.

Ndinapita kukalipira yotsalayo tsiku la msika. Nditalandira lisiti, bambo wina wa mu ofesimo, amene ndinali ndisanamuonepo, ananditsatira ndi pepala ndi cholembera. Anati popeza dandaulo langa latha, ndisayine kuti atseke faelo. Ndinawerenga. Pamwamba panali mawu akuti mita yasinthidwa ndipo bilu yakonzedwa. Pansi panali funso lakuti kodi ndakhutira ndi mmene andithandizira, ndi timabokosi tosankha: kwambiri, pang'ono, ayi.

Ndinasayina pamwambapo, n'kumubwezera.

"Amayi, mwaiwala apa."

"Sindinaiwale."

"Ingochongani kamodzi basi. Akuluakulu amafuna kuona."

Ndinatenganso cholembera. Kabokosi ka "ayi" kanali kakang'ono kwambiri, ndiye ndinalemba m'mphepete mwa pepala, kutsika mpaka pansi, mtengo wa makakana amene ndinakwirira, wa thobwa, wa malambe, ndi wa minibasi maulendo onse. Bamboyo anaima akusinthanitsa miyendo, akuyang'ana kukhomo la bwana. Nditamaliza ndinamuuza kuti adindepo chidindo, andipangirenso fotokope. Anapita nalo m'kati, ndipo ndinamva akunong'onezana. Ndinakhala pampando, pansi penipeni pa makina oziziritsa aja, ndinavula nsapato, n'kudikira.